Zaka ziwiri zobadwa pa mapepala a munthu mmodzi, kalendala ya ku Itiyopiya imayenda bwanji?

wa_ku_Joni
Abale ndithandizeni pano mutu wanga waima. Ndimagwira ntchito mu shopu ya munthu wa ku Itiyopiya kuno ku Joni, ndiye mphwake wa abwanawo wabwera chaka chino akufuna kulembetsa kozi ina ku koleji, andipempha ine kuti ndimuthandize kulemba mafomu poti chizungu chake n'chovutirapo. Tsono pepala lake lobadwira lakwawo likuti 15/03/1994 koma pasipoti ikuti 24 Novembala 2001. Tsiku losiyana, mwezi wosiyana, chaka chosiyananso. Ndamufunsa akungoseka akuti zonse ndi zoona, akuti kwawo ali ndi miyezi 13 komanso zaka zawo zili mmbuyo. Ine sindikufuna kulowa m'mavuto olemba zabodza pa fomu m'dziko la eni. Alipo amene akuzidziwa bwino izi?

Kamtedza77
Amwene akukupusitsani amenewo. Kubera zaka basi, za mpira zija.

Nachisale
A Kamtedza musathamangire kuweruza mwana wa eni. Zoti ali mmbuyo ndi zaka 7 ndi zoona, ine ndinazimva kale. Mungowonjezera 7 basi, 1994 kuphatikiza 7 ndi 2001, si zatheka apo?

Kamtedza77
Chabwino chaka chatheka, nanga Malichi wasanduka bwanji Novembala? Pamenepo mundiuze.

Mayi_a_ku_Bole
A wa_ku_Joni khazikani mtima pansi, mnyamatayo sakunama ndipo mapepala awiriwo akunena tsiku limodzi lomwelo. Ine ndinakhalako ku Addis Ababa nthawi yomwe bambo a kunyumba ankagwira ntchito kumeneko ndiye ndinazolowera kuwerengera zimenezi pa lendi, pa sukulu ya ana, paliponse.

Cholakwika chanu n'chakuti 03 mukumuwerenga ngati Malichi. Iwo chaka chawo chimayamba pa 11 Seputembala, mwezi woyamba amautcha Meskerem, wachiwiri Tikimt, wachitatu Hidar. Ndiye 15/03 ndi pa 15 Hidar. Mwezi uliwonse kwawo uli ndi masiku 30 ndendende, palibe wa 31 palibe wa 28. Tiyeni tiwerenge pamodzi. Meskerem ayamba pa 11 Seputembala, pakadutsa masiku 30 Tikimt ayamba pa 11 Okutobala, Okutobala wathu poti ali ndi masiku 31 ndiye kuti Hidar ayamba pa 10 Novembala. Ngati 1 Hidar ndi 10 Novembala, 15 Hidar muwonjezere masiku 14, mupeza 24 Novembala. Chaka 1994 chawo chinayamba mu Seputembala 2001 wathu. Ndiye 24 Novembala 2001, zomwe zili mu pasipotimo ndendende. Amene anapanga pasipotiyo anawerengera bwino.

Pa fomu ya ku koleji lembani za mu pasipoti. Akafuna pepala lobadwiralo, lipite limodzi ndi lomasulira lovomerezeka, ndipo muone ngati womasulirayo watembenuzanso tsikulo, chifukwa ena amangomasulira mawu manambala n'kuwasiya momwemo, kenako wa muofesi n'kulemba 15 Malichi 1994 mu kompyuta, munthu n'kukalambitsidwa ndi zaka zoposa 7 atakhala pa mpando. Kukonza zimenezo pambuyo pake ndi ntchito yowawa.

wa_ku_Joni
Eee mayi zikomo kwambiri, ndawerenga pa kalendala ya pafoni zikugwirizanadi. Pa pepalalo pali tizilembo tina pambuyo pa chaka, sindimatha kuwerenga zilembo zawo zija.

Mayi_a_ku_Bole
Timeneto ndi tosonyeza kuti chakacho ndi cha kalendala yawo. Akalemba m'zilembo zathuzi amaika E.C. pambuyo pa chaka, ndipo akafuna kunena kalendala yathuyi amaika G.C. Mukaona pepala la kumeneko choyamba muziyang'ana timeneto.

Nachisale
Ndiye ndimanena zoona, n'kungowonjezera 7.

Mayi_a_ku_Bole
Achemwali pa nkhani iyi mwalasa koma si nthawi zonse. Chaka chawo chimodzi chimagwira zaka zathu ziwiri, chimayamba mu Seputembala n'kutha Seputembala winayo. Kuyambira tsiku lawo la chaka chatsopano kufika pa 31 Disembala kusiyana ndi 7. Ife tikangolowa Januwale nambala yathu imakwera, yawo ili pomwepo, ndiye kusiyana kumakhala 8 mpaka Seputembala. Mukaonetsetsa miyezi yambiri pachaka kusiyana ndi 8, 7 uja ndi wa miyezi yosakwana inayi yokha. Mnyamatayu akanabadwa mwezi wawo wachisanu ndi chiwiri, Megabit, womwe umayamba pa 10 Malichi, 1994 yomweyo ikanakhala 2002. Malire ali m'kati mwa mwezi wachinayi, Tahsas, chifukwa 1 Januwale nthawi zambiri amagwa pa 23 Tahsas.

Mlimi_wa_Fodya
Pepani ndalowa mochedwa. Ndiye ngati miyezi ili 13 ya masiku 30, chaka chawo chili ndi masiku 390? N'chifukwa chake akutsalira mmbuyo eti, chaka chawo n'chachitali ndiye chimachedwa kutha. Ndiye kuti pakapita nthawi adzatsalira ndi zaka 10, 20.

Mphunzitsi_wa_ku_Dowa
Ayi bambo, chaka chawo n'chofanana ndi chathu, masiku 365. Miyezi 12 ya masiku 30 ikupereka 360, ndiye pamatsala masiku asanu. Asanu amenewo ndi amene amawatcha mwezi wa 13, dzina lake Pagume, umayamba pa 6 Seputembala n'kutha pa 10. Chaka chachinayi chilichonse Pagume amakhala ndi masiku 6, monga mmene ife timaonjezera 29 Febuluwale. Ndiye sakutsalira chaka ndi chaka ayi, mpata wa 7 kapena 8 uja unalipo kuyambira kale ndipo sukukula. Zikanakhala za 390 bwenzi mvula yawo ikugwa mwezi wina chaka chino mwezi wina chaka chamawa, pomwe chaka chawo chatsopano chimagwa nthawi imodzi, mvula yaikulu ikamatha.

Mlimi_wa_Fodya
Mwezi wa masiku asanu? Umenewo ndi mwezi kapena sabata yoperewera?

Mphunzitsi_wa_ku_Dowa
Pa mapepala ndi mwezi ndithu, amalemba 13 pamalo pa mwezi. Ndinaphunzitsako pa sukulu ina kufupi ndi Dzaleka, makolo ena ochokera kumeneko ankabwera ndi makhadi a kusikelo a ana. Khadi lina linali ndi 03/13/2010, amene ankalemba kaundula anaganiza kuti ndi kalembedwe ka ku Amereka koyamba ndi mwezi, n'kulemba 13 Malichi 2010. Pomwe ndi pa 3 Pagume 2010, kutanthauza 8 Seputembala 2018. Mwana wamng'ono wosayamba ndi sukulu yomwe, pa kaundula akuoneka wamkulu ndi zaka 8. Chinatiululira ndi mwanayo titamuona ndi maso. Chinanso chomwe chimasonyeza kuti tsiku ndi la kwawo ndi ngati 30/02, kompyuta imakana kuti Febuluwale alibe 30, pomwe kwa iwo ndi 30 Tikimt, 9 Novembala. Ndipo mukaona 31 pa tsiku dziwani kuti limenelo si la kalendala yawo, kwawo 31 kulibe.

Kamtedza77
Koma funso langa lenileni, malipiro amalandira ka 13? Ngati ndi choncho ndikupanga pasipoti mawa.

Mayi_a_ku_Bole
Amene ndinkawadziwa ine ankalandira ka 12 basi, masiku a Pagume ankangolowa momwemo. Ifenso lendi tinkalipira ka 12, a landilodi sanatilipiritsepo za Pagume padera.

Dalaivala_wa_Songwe
Mayi pamenepo ine ndinamva zosiyana. Mnzanga wina wa kumeneko amene tinkakumana pa boda ankadandaula kuti masiku amenewo amagwira ulele, n'kumati pena mabwana ena amapereka kangachepe ka chikondwerero. Ndiye kaya ndi lamulo kaya ndi mtima wa bwana.

Mayi_a_ku_Bole
Kudandaula kumeneko ndinakumvanso, anthu amanenadi kuti Pagume ndi masiku a ulele. Ena amayankha kuti malipiro a pachaka ndi omwewo angogawidwa pa 12, monga ife sitilandira zochuluka mwezi wa masiku 31. Ine ndikungonena zomwe ndinaona pakhomo pathu ndi kwa anzanga.

Mwana_wa_Afrika
Nkhani yeniyeni mukuisiya. Itiyopiya sanalamulidwe ndi atsamunda, n'chifukwa chake anasunga kalendala yoona ya Afrika. Ife tinangolandira ya azungu, Papa wina anangodzuka tsiku lina n'kuwonjezera zaka 8 dziko lonse n'kumutsatira. Zaka zoona ndi za ku Itiyopiya, ife tikukhala m'chaka chabodza.

Katekisiti_Mtendere
Achimwene Papa sanawonjezere zaka. Papa Gregory mu 1582 anachotsa masiku 10 okha, anthu anagona pa 4 Okutobala n'kudzuka pa 15 Okutobala. Zaka sanazikhudze. Ine ndimadziwa kuti kusiyana kwa zakaku n'chifukwa choti a ku Itiyopiya anawerengera molondola chaka chomwe Ambuye anabadwa, a ku Roma ndi amene anaphonya.

Mphunzitsi_wa_ku_Dowa
A Katekisiti mbali yoyamba mwanena zoona, yachiwiriyo ndiimapo pang'ono. Ndiyankhe nonse awiri, mundipirire italikirapo.

Pali zinthu ziwiri zosiyana zomwe anthu amaziphatikiza. China ndi kapangidwe ka miyezi, china ndi pomwe unayambira kuwerenga zaka.

Kapangidwe ka miyezi 12 ya masiku 30 kuphatikiza masiku asanu a kumapeto n'kakale kwambiri, n'ka ku Iguputo, ndipo mpingo wa Akoputiki kumeneko ukugwiritsabe ntchito mpaka lero. Mpingo wa Orthodox wa ku Itiyopiya unali pansi pa mpingo wa ku Alexandria kwa zaka mazanamazana, mabishopu awo aakulu ankachokera kumeneko mpaka m'zaka za m'ma 1950. Ndiye a Mwana_wa_Afrika mukati ndi ya mu Afrika sindikutsutsani, mizu yake ili m'mbali mwa Nailo. Chaka chatsopano cha Akoputiki ndi cha ku Itiyopiya chimagwa tsiku limodzi, koma nambala ya chaka ndi yosiyana, Akoputiki amayambira mu 284 pomwe mfumu Diocletian inalowa ufumu, pokumbukira Akhristu omwe anaphedwa nthawi yake. Mukuona apa, miyezi yofanana, zaka zosiyana, chifukwa poyambira ndi posiyana.

Tsono za zaka 7 kapena 8. Nthawi ya Yesu palibe amene ankalemba kuti chino ndi chaka cha 1. Patapita zaka mazana angapo ndi pomwe anthu a mpingo anakhala pansi kuwerenga chobwerera mmbuyo, makamaka pofuna kudziwa masiku a Pasaka. Mmonke wina wa ku Alexandria, Annianus, cha m'ma 400 anapeza yankho lake. Mmonke wina ku Roma, Dionysius, mu 525 anapeza lakenso, losiyana ndi la mnzakeyo ndi zaka pafupifupi 8. Ulaya anatsatira Dionysius, Itiyopiya inatsatira za ku Alexandria. Basi mpatawo unachokera pamenepo, Papa Gregory asanabadwe ndi kubadwa komwe, zaka pafupifupi 1000 mmbuyo mwake.

Ndani analondola? Apa ndi pomwe ndikusiyana nanu a Katekisiti. Uthenga wa Mateyu umati Yesu anabadwa Herode ali moyo, ndipo akatswiri ambiri a mbiri amati Herode anamwalira zaka 4 chisanafike chaka chomwe ife timachitcha 1. Ndiye kuti Dionysius anachedwetsa kubadwako ndi zaka zingapo. Kawerengedwe ka ku Alexandria kanakuchedwetsanso kuposa pamenepo, chifukwa chaka chawo cha 1 chimayamba m'chaka chathu cha 8. Mukatsatira nkhani ya Herode, onse awiri anaphonya, ndipo a ku Alexandria anaphonya kwambiri. Izi sizichotsa ulemu wa kalendalayo, imagwira ntchito bwinobwino, koma tisamanene kuti ndi yomwe ili ndi chaka chenicheni cha kubadwa kwa Ambuye.

Katekisiti_Mtendere
Aphunzitsi za Herode zo ndi maganizo a akatswiri, nawonso amatsutsana okhaokha za chaka chomwe anafa. Komanso Luka amatchula kalembera wa Kureniyo, amene akatswiri omwewo amati anachitika m'chaka cha 6. Mukatsatira Luka ndiye kuti a ku Itiyopiya ali pafupi kuposa ife. Mpingo womwe wasunga mawerengedwe ake osaduka kwa zaka zonsezi ine sindingaupeputse.

Mphunzitsi_wa_ku_Dowa
Za kalembera wa Kureniyo mwagwira mfundo yeniyeni, imeneyo yavutitsa anthu ophunzira Baibulo kwa nthawi yaitali chifukwa kugwirizanitsa Mateyu ndi Luka pa zaka n'kovuta. Ine ndimatsamira kwa Herode, inu mwatsamira kwa Kureniyo, pano sitimaliza.

Mwana_wa_Afrika
Kaya Herode kaya ndani, mfundo yanga ndi yoti akanalamulidwa ndi azungu bwenzi kalendalayi itafa. Anawamenya Ataliyana pa nkhondo ya ku Adwa ndiye anasunga zawo.

Mphunzitsi_wa_ku_Dowa
Pamenepo tili limodzi ndithu. Ataliyana anadzabweranso n'kukhala kuyambira 1936 mpaka 1941 koma zaka zisanu sizinakwane kuzula chinthu chomwe mpingo, boma ndi alimi onse ankachigwiritsa ntchito. Ndipo Adwa yomweyo ndi chitsanzo chabwino cha nkhani yathuyi. Mabuku athu amati nkhondoyo inachitika pa 1 Malichi 1896, mwana wa sukulu ku Itiyopiya angakuuzeni kuti ndi 23 Yekatit 1888, Yekatit ndi mwezi wawo wachisanu ndi chimodzi. Apa kusiyana ndi 8 chifukwa ndi Malichi. Chodabwitsa n'chakuti masiku ano 23 Yekatit amagwa pa 2 Malichi, ndipo ndi tsiku lomwe amakumbukira. Tsiku limodzi linasuntha chifukwa mu 1900 kalendala yathu inalibe 29 Febuluwale, lamulo la Gregory limadumpha zaka zina zothera ndi 00, pomwe iwo tsiku loonjezera amaliika chaka chachinayi chilichonse osadumpha. Ndiye kusuntha kulipo a Mlimi, koma ndi kwa masiku atatu pa zaka 400, osati kwa zaka.

Dalaivala_wa_Songwe
Inu mukukamba za zaka, ine chomwe chinandizunguza ndi nthawi. Mnzanga uja tinapangana kuti tikumane 2 koloko, ine ndikudikira masana iye anabwera 8 koloko mmawa n'kundisowa. Kenako ndinazindikira kuti ndi chimodzimodzi ndi ku Tanzania, ukangowoloka Songwe kupita ku Kyela wa basi akakuuza kuti inyamuka saa mbili ndiye kuti 8 koloko mmawa. Amayamba kuwerenga dzuwa likatuluka.

Mayi_a_ku_Bole
Eya ndi momwemo, 7 koloko mmawa kwa iwo ndi 1 koloko, masana enieni ndi 6 koloko, 6 madzulo ndi 12 kenako ayambiranso za usiku. Kuchotsa kapena kuwonjezera maola 6 basi. Ukapangana ndi munthu umafunsa kuti nthawi ya kuno kapena ya azungu. Ndege zokha pa bwalo la ndege la Bole ku Addis zimayendera nthawi ndi masiku omwe tonse timadziwa, tikiti yanu musaitembenuze ayi mungasiyidwe.

Nachisale
Koma kunena zoona yawoyo ikumveka bwino, tsiku lizayamba bwanji pakati pa usiku anthu ali mtulo?

Mwana_wa_Mangochi
Ife Asilamu tsiku limayamba dzuwa likalowa, ndipo kalendala yathu ili m'zaka za m'ma 1440. Yathuyo ndi yomwe imasunthadi chifukwa imatsatira mwezi wa kumwamba, chaka chili ndi masiku 354 kapena 355, n'chifukwa chake Ramadani imabwera msanga ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse. Ndiye zokhala ndi makalendala awiri m'mutu si zachilendo kwa ife, wina wa kuntchito wina wa kumzikiti.

Mayi_a_ku_Bole
Kusiyana kwake n'kwakuti kumene kuja yawoyo si ya kutchalitchi kokha, ndi ya boma. Sukulu, makhoti, makalata a m'maofesi, nyuzi za pa wailesi, ngakhale Asilamu a kumeneko omwe ndi ambiri ndithu amayendera yomweyo pa za boma. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Hamle, yomwe ndi 8 Julayi.

Akaunti_Kanengo
Ndabwera ndi vuto langa poti pano pali odziwa. Mnzathu wa kuntchito anapita ku msonkhano ku Addis chaka cha 2024, pobwera anapereka malisiti, limodzi lolemba pamanja la pomwe anagona lili ndi 05/06/2016. Ofesi yathu inalikana kuti ndi lisiti lakale la Juni 2016, mpaka anamudula ndalamazo pa malipiro ndipo mbiri yake inaipa, anthu ankanong'onezana kuti anatola lisiti. Iye ankalumbira kuti ndi la ulendo womwewo koma sankatha kufotokoza. Ndiye likutanthauza tsiku liti? Anapita mu Febuluwale.

Nachisale
Ndiyese ine. Mwezi wa 6 ndi Yekatit. Ndapitiriza kuwerenga kwa mayi kuja, Tahsas 10 Disembala, wotsatira 9 Januwale, Yekatit 8 Febuluwale. Pa 5 ndiye 12 Febuluwale, ndipo poti ndi Febuluwale tiwonjezera 8, 2024. Ndiye 12 Febuluwale 2024.

Mayi_a_ku_Bole
Achemwali njira yonse mwayenda bwino, mwangoperewera tsiku limodzi, ndi 13 Febuluwale 2024. Chifukwa chake ndi ichi. Chaka chawo cha 2015 chinali cha Pagume wa masiku 6, tsiku lachisanu ndi chimodzilo linagwa pa 11 Seputembala 2023, ndiye 2016 inayamba pa 12 Seputembala m'malo mwa 11. Iwo tsiku loonjezera amaliika mu Seputembala, ife timadzaliika mu Febuluwale wotsatira, ndiye pakati pamenepo kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi masiku onse amasuntha ndi limodzi. Tikangodutsa 29 Febuluwale zimabwerera mwakale. Chaka chimenecho 1 Yekatit anali 9 Febuluwale, pa 5 ndiye 13.

Kuti mudziwe ngati chaka chili chotere, gawani chaka chawocho ndi 4. Chikagawika osatsala kanthu, ngati 2016 kapena 2012 kapena 2000, ndiye kuti chinayamba pa 12 Seputembala. N'chifukwa chake chikondwerero chawo cholowa 2000 chinachitika pa 12 Seputembala 2007. Chikatsala 3, ngati 2015, ndiye chomwe chili ndi Pagume wa masiku 6. Cha mnyamata wa ku Joni uja 1994 chimatsala 2 ndiye panalibe chosuntha.

A Akaunti, onani chidindo cholowera ndi chotulukira mu pasipoti ya mnzanuyo ndi tikiti ya ndege, ngati 13 Febuluwale ali pakati pa masiku amenewo mubwezereni ndalama zake, ndipo amene ankamunena amve.

Akaunti_Kanengo
Ndayang'ana mu failo, ananyamuka pa 11 n'kubwera pa 16 Febuluwale. Zandikhudza kwambiri chifukwa munthuyu anavutika ndi nkhani imeneyi. Ndikalemba kalata kwa abwana Lolemba, ndikaika kawerengedwe konseka. Kaya akavomera poti mabuku a chaka chimenecho anatsekedwa kale.

Kamtedza77
Komabe ine ndikuti dziko lonse likuyendera kalendala imodzi, iwo akuvutikiranji? Onani mavuto onsewa, malisiti, makhadi a ana, mapasipoti. Angosintha basi.

Mayi_a_ku_Bole
Mavuto amenewa amabwera pepala likatuluka kunja kapena likakumana ndi ife osadziwa. Munthu wokhala konko savutika, kwa iye mwezi uliwonse ndi masiku 30, sachita kuwerenga pa zibakera kuti uno uli ndi angati. Komanso chaka chimayamba pomwe moyo ukuyambiradi, mvula ya miyezi ya Hamle ndi Nehase yatha, kumapiri kwachita chikasu ndi timaluwa tomwe amati adey abeba, atsikana avala zoyera akuyenda khomo ndi khomo kuimba atanyamula timaluwato, anyamata akugawa zithunzi zojambula okha pa pepala, sukulu zikutsegulira. Tsikulo amalitcha Enkutatash. Anthu oposa 100 miliyoni masiku awo obadwa, a maukwati, a maliro a makolo awo ali m'kalendala imeneyo, simungangowauza kuti kuyambira mawa muiwale.

Kamtedza77
Eritrea bwanji, si anthu amodzimodzi? Iwo boma limayendera yathuyi.

Mphunzitsi_wa_ku_Dowa
Zoona, ku Eritrea boma limayendera ya Gregory, ya makoloyo inatsala ku mpingo ndi pa zikondwerero. Ndiye n'zotheka, koma mbiri ya maiko awiriwa ndi yosiyana, Eritrea inakhala pansi pa Ataliyana zaka pafupifupi 50.

Katekisiti_Mtendere
Ndifunse nawo za Khirisimasi. Ndimamva kuti amachita pa 7 Januwale. Ndiye chaka chomwe masiku asuntha ndi limodzi chija, amachita pa 8?

Mayi_a_ku_Bole
Funso limenelo ngakhale eni ake amakambirana. Khirisimasi yawo, Genna, ndi pa 29 Tahsas, yomwe zaka zitatu mwa zinayi ndi 7 Januwale. Chaka chosunthacho 29 Tahsas amagwa pa 8 Januwale, koma ku Addis ine ndinaona anthu akuchita pa 28 Tahsas kuti likhalebe pa 7. Mayi wina woyandikana naye nyumba anandifotokozera kuti amawerenga masiku kuchokera pa tsiku lomwe mngelo anauza Maria, ndiye tsiku loonjezera la Pagume likalowa pakati, masiku a mimba ya Maria aja amakwana msanga ndi tsiku limodzi. Koma ndinamvanso kuti ku Lalibela chaka chimenecho mwambo waukulu umafika pa 29. Timkat yokha, chikondwerero cha ubatizo wa Yesu chija, ndinaiona ikusuntha, zaka zina pa 19 Januwale chaka chosunthacho pa 20.

Katekisiti_Mtendere
Ndiye mpingo umodzi masiku awiri? Aphunzitsi inu mukuti bwanji pamenepa, chifukwa ngati Timkat ikusuntha ine ndikuona kuti Genna nayonso imayenera kusuntha.

Mphunzitsi_wa_ku_Dowa
Mfundo ya mayi woyandikana nayeyo ili ndi mutu wake. Uthenga wa mngelo amaukumbukira pa 29 Megabit, m'chaka chapitacho Pagume asanafike, ndiye kuchoka pamenepo kufika pa 29 Tahsas ndi miyezi 9 ya masiku 30 kuphatikiza asanu a Pagume, masiku 275. Pagume akakhala ndi 6, masiku 275 amakwanira pa 28 Tahsas. Timkat ilibe chowerengera chotero, imangokhala pa 11 Tir, mwezi wawo wachisanu, ndiye imasuntha limodzi ndi mweziwo. A wa_ku_Joni mutifunsireko abwana anuwo kuti kwawo kwenikweni ndi chigawo chiti ndipo mu Januwale 2024 anadya Genna pa 7 kapena pa 8.